Kung'anima ndi timadontho tatsopano m'maso: ngozi yobwera popanda ululu

Ambirife timathamangira kuchipatala diso likafiira, likatupa, likamatuluka manthongo kapena likamapweteka ngati mwalowa mchenga. Diso loyera bwinobwino, losapweteka ngakhale pang'ono, sitiliganizira zoipa. Komatu vuto lina mwa mavuto amene amachititsa khungu mofulumira kwambiri limabwera mwakachetechete chomwecho. Munthu amangoona kuwala kukung'anima m'mphepete mwa diso limodzi, kapena timadontho takuda tambirimbiri tomwe dzulo panalibe, n'kunena kuti mwina ndi kutopa, mwina ndi njala, mwina bipi yakwera. Pakapita masiku ochepa mbali ina ya diso imada, ndipo pofika kuchipatala ntchito yomwe ikanatha m'mphindi 15 imakhala itasanduka opaleshoni yaikulu.

Kuti izi zimveke, tiyambe ndi zomwe zili m'kati mwa diso. Kuseri kwa mwana wa diso kuli kagalasi kachilengedwe, kamene kakachita mtambo timati munthu ali ndi ng'ala. Kuseri kwa kagalasiko kuli mpata waukulu wodzaza ndi madzi olimba, onanda ngati choyera cha dzira laliwisi. Madzi amenewa ndi ochepa, pafupifupi mamililita 4, osakwana n'komwe supuni yaing'ono ya tiyi, ndipo amagwiridwa pamodzi ndi timinyewa tosaoneka ndi maso. Ndiye kukhoma la m'kati, kumbuyo kwenikweni kwa diso, kwayalidwa kachikopa kopyapyala kwambiri kamene madokotala amakatchula kuti letina. Kachikopa kameneka ndi kamene kamalandira kuwala n'kutumiza uthenga ku ubongo. Pakatikati pake pali kamalo kakang'ono kotchedwa makyula, komwe timawerengera, kuzindikirira nkhope za anthu ndi kulowetsera ulusi pa singano. Letina alibe mitsempha yomva ululu. N'chifukwa chake amatha kung'ambika mwiniwake akudya nsima bwinobwino.

Munthu akamakula, madzi olimba aja amayamba kusungunuka ndi kunyala. Timinyewa tija timaundana, ndipo kuwala kukamalowa, timachita mthunzi pa letina. Mithunzi imeneyi ndi yomwe timaiona ngati tintchentche, timaulusi kapena tinyongolotsi toyandama, makamaka tikayang'ana kumwamba kukuwala kapena khoma loyera. Ukafuna kutiyang'anitsitsa timathawa, ukaimitsa diso timatsetsereka pang'onopang'ono. Anthu ambiri ali nato timodzi kapena tiwiri kwa zaka zambiri, ndipo ngati sitinasinthe palibe chodetsa nkhawa.

Koma limafika tsiku, kawirikawiri munthu akapitirira zaka 50 kapena 60, lomwe madzi onyala aja amamatuka kukhoma la kumbuyo kwa diso. Awa si matenda. Zimachitikira anthu ochuluka akamakalamba. Pomatukapo amakoka letina, ndipo popeza letina amangodziwa chinthu chimodzi, kuwala, akakokedwa amauza ubongo kuti kwawala. Ndiko kung'anima kuja. Kumaoneka m'diso limodzi, chakumbali cha kukhutu, ngati mphezi yakutali kapena kamera yojambula usiku. Sikukhalitsa, sikukwana n'komwe sekondi, koma kumabwerezabwereza, makamaka mumdima kapena munthu akatembenuza maso mwadzidzidzi. Nthawi yomweyo pamatulukira dontho lalikulu latsopano, nthawi zina looneka ngati mphete kapena ulusi wa kangaude, lomwe limayenda uku ndi uku patsogolo pa chimene ukuyang'ana.

Kwa anthu ambiri madziwo amamatuka bwinobwino, kung'anima kumachepa pakapita milungu ingapo, ubongo n'kuzolowera dontho lija mpaka kuliiwala. Koma kwa ena pamakhala malo amene madziwo anamatirira kwambiri, ndipo m'malo momatuka amang'amba letina. Kafukufuku wina amene anaphatikiza zotsatira za m'zipatala zosiyanasiyana, wofalitsidwa mu 2009 m'magazini ya madokotala ya JAMA, anapeza kuti mwa anthu 100 amene anafika kwa dokotala wa maso ndi kung'anima kapena timadontho tongoyamba kumene, pafupifupi 14 anali ndi letina wong'ambika. Ameneyo ndi munthu mmodzi mwa 7. Ndipo chovuta n'chakuti mmodziyo ndi anzake 6 aja amamva zofanana. Palibe amene angadziwe yekha ali kunyumba kuti ali mbali iti.

Tiyerekeze mayi wa zaka 58, telala, amene wakhala akuvala magalasi oonera patali kuyambira ali mtsikana. Lachiwiri madzulo akutseka chitseko cha shopu, waona kuwala kukung'anima kumbali kwa diso lakumanja. Wayang'ana kumwamba, kulibe mtambo. Lachitatu m'mawa, akusoka nsalu yoyera ya yunifomu, waona ngati wina wawaza mwaye pansaluyo: timadontho takuda tosawerengeka, tikuyenda limodzi ndi diso. Wapukuta magalasi, wasamba m'maso, koma tilipobe. Watseka diso lakumanja, nsalu yayera. Watseka lakumanzere, mwaye uja wabwerera.

Timadontho tochuluka chonchi n'tosiyana ndi dontho limodzi lalikulu lija. Nthawi zambiri amakhala magazi. Pamene letina wang'ambika pamadutsa kamtsempha kakang'ono, kamaduka, ndipo magazi ake amamwazika m'madzi a m'diso. Ena amawaona ngati utsi kapena timizere tofiirira. Munthu woona zotere mwayi woti letina wake wang'ambika ndi waukulu kuposa wa amene wangoona dontho limodzi. Kwa mayi wathuyu, Lachitatu limeneli ndilo tsiku lofunika kuposa onse, chifukwa pabowoka koma letina akadali pamalo pake.

Akapita kuchipatala cha maso tsiku lomwelo, chimene chiyenera kuchitika n'chodziwika. Ayamba kumuwerengetsa zilembo za pakhoma, diso lililonse palokha, ndipo mwina awerenga bwino ndithu, zomwe siziyenera kumunamiza iye kapena womupima. Kenako amudontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, n'kudikira mphindi 20 kapena 30. Popanda mankhwala amenewa kupimako sikunachitike, chifukwa letina amang'ambikira kumphepete kwenikweni, kumene tochi yaing'ono yoyang'anira pa mwana wa diso wosakula singafikeko. Dokotala amayang'ana ndi makina okhala ndi kuwala kopyapyala, kufunafuna timafumbi tofiirira toyandama kuseri kwa kagalasi kaja, tomwe tikapezeka timasonyeza kuti kwinakwake kwang'ambika. Akatero amavala nyali pamphumi, n'kugwira galasi m'manja, n'kumuuza wodwala kuyang'ana kumwamba, pansi, kumanja, kumanzere, mpaka atazungulira letina yense. Nthawi zina amadinikiza chikope ndi kachitsulo kuti kumphepeteko kuoneke. Sizosangalatsa, koma zimapiririka. Magazi akachuluka moti m'kati simukuoneka, amaunika ndi sikani, yofanana ndi ija ya amayi oyembekezera koma yaing'ono. Maso amaona mwachimbuuzi kwa maola angapo mankhwala aja asanathe mphamvu, ndiye si tsiku loyendetsa galimoto kapena njinga yamoto. Ndi bwino kupita ndi woperekeza.

Tinene kuti dokotala wapeza pong'ambika chakumwamba kwa diso. Chithandizo chake ndi leza. Wodwala amakhala pampando, amamudontheza mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo dokotala amawotcha timadontho ting'onoting'ono mizere iwiri kapena itatu kuzungulira bowolo. Zimatenga mphindi 10 kapena 15, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Pamene leza singafike, amagwiritsa ntchito kachipangizo kozizira kwambiri kogunditsa kunja kwa diso. Cholinga n'chimodzi: kupanga chipsera chomatira letina kukhoma kuti madzi asapeze polowera. Chipseracho chimalimba pakapita pafupifupi milungu iwiri, choncho masiku amenewo mayiyu apewe ntchito zolemetsa ndi zogwedeza thupi. Leza sichotsa timadontho tija. Odwala ambiri amakhumudwa nazo, poganiza kuti chithandizo sichinagwire, koma magazi amatha okha pang'onopang'ono ndipo ntchito ya leza inali kutchinga, osati kuyeretsa.

Tsopano tiyerekeze kuti mayiyu sanapite. Mayunifomu akufunika Lolemba, diso silikupweteka, ndipo mnzake wamupatsa mankhwala opaka m'maso otsala kwa mwana. Madzi osungunuka aja ayamba kulowa pabowo paja n'kumadutsa kuseri kwa letina, kumusendeza kukhoma pang'onopang'ono. Loweruka waona mthunzi pansi pa diso, chakumphuno, ngati wina akukweza nsalu yakuda kuchokera pansi. Apa pali chinthu chosokoneza anthu: diso limalandira zithunzi mozondoka, ndiye letina akamatuka kumwamba, mdima umaoneka pansi. Ndipo kumatuka kwa kumwamba ndiko kumathamanga, popeza madzi amatsika okha ndi kulemera kwake. Chinanso chonyenga n'chakuti m'mawa mthunziwo nthawi zina umaoneka ngati wachepa, chifukwa munthu akagona usiku madzi amasuntha kapena kuchepako. Amati ndikuchira, koma pofika masana wabwerera ndipo wakula.

Mthunzi umenewu suyandama ngati timadontho tija. Umakhala mbali imodzi, sulola kuona kupyola, ndipo umakula kulowera pakati. Malinga ngati mayiyu akuthabe kuwerenga ndi diso limenelo, makyula akadali pamalo pake, ndipo madokotala amayesetsa kuchita opaleshoni mwamsanga, ngati n'kotheka pasanathe tsiku limodzi, kuti madzi asafikepo. Makyula akangomatuka, kuona kwa pakati kumagwa nthawi yomweyo: zilembo zimasowa, nkhope zimapindika, munthu amangoona dzanja likugwedezeka. Opaleshoni imathandizabe, ndipo ikachitika m'masiku oyambirira ambiri amabwezeredwa kuona kochuluka ndithu, koma kawirikawiri sikubwerera mwakale ndendende. Timaselo tolandira kuwala timadyetsedwa ndi khoma lomwe tagonapo, ndipo tikatalikirana nalo timayamba kufa. Pakapita milungu kapena miyezi, letina amachita zipsera, amakwinyika ndi kuuma, moti ngakhale dokotala waluso amavutika kumuyalanso.

Opaleshoni yake si yamasewera. Njira ina ndi kusokerera kalamba kofewa kunja kwa diso kuti khoma lisunthire m'kati n'kukumana ndi pong'ambikapo. Njira ina, yofala masiku ano, ndi kulowetsa tizipangizo titatu m'diso, kuchotsa madzi olimba aja, kuyala letina, kuwotcha ndi leza, kenako kudzaza disolo ndi mpweya wapadera kapena mafuta a silikoni kuti zimugwirizire mpaka atamatirira. Wodwala angauzidwe kuweramitsa kapena kupendeketsa mutu mbali imodzi kwa masiku angapo. Mpweya umatha wokha pakapita milungu iwiri mpaka 8 malinga ndi mtundu wake, ndipo usanathe munthu saloledwa kukwera ndege, chifukwa m'mwamba umafufuma n'kuwononga diso. Mafuta amafuna opaleshoni ina yodzawachotsa. M'manja mwa akatswiri, maso 8 kapena 9 mwa 10 amamatirira ndi opaleshoni imodzi. Otsalawo amafuna kubwereza.

Kale matendawa anali khungu losachiritsika. Anali dokotala wa ku Lausanne m'dziko la Switzerland, Jules Gonin, amene m'zaka za m'ma 1920 anaonetsa kuti gwero la vuto ndi bowo lija, ndipo ukalipeza n'kulitseka letina amabwerera. Iye ankawotcha ndi kachitsulo kamoto. Anzake anachedwa kumukhulupirira, mpaka pamsonkhano wa madokotala a maso ku Amsterdam mu 1929. Zipangizo zasintha, koma mfundo ikadali yomweyo: pezani bowo, tsekani bowo.

Kwathu kuno nkhani ya nthawi ndi yolemera kuposa kumaiko olemera. Akatswiri ochita opaleshoni ya letina ndi ochepa kwambiri kuyerekeza ndi ochotsa ng'ala, ndipo wodwala wochokera kumudzi amayenera kudutsa pachipatala chaching'ono, chaboma, kenako chachikulu. Ku Malawi zipatala zambiri za maboma zili ndi ogwira ntchito ophunzira za maso, ndipo madokotala akuluakulu amapezeka m'malo ngati Lions Sight First ku Queen Elizabeth mu Blantyre, ku Kamuzu Central mu Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma. Tsiku lililonse lotayika panjira limawerengedwa. Ine ndimaona kuti pamenepa mawu amene wodwala amalankhula pakhomo ali ndi mphamvu. Ukangoti "maso akundivuta", ukhala pamzere umodzi ndi ofuna magalasi owerengera, ndipo mwina ubwerako ndi kabotolo ka mankhwala odontheza. Nena zenizeni: "Kuyambira dzana ndikuona kung'anima m'diso lakumanja, kwabwera timadontho tambiri tatsopano, ndipo pansi pakuda." Tchula tsiku lomwe zinayamba, diso lake, ndiponso ngati umavala magalasi oonera patali, unachitidwapo opaleshoni ya ng'ala kapena unamenyedwapo padiso. Ndipo funsa mwaulemu ngati akulitse mwana wa diso n'kuyang'ana kumbuyo. Ngati pamalopo palibe chipangizo, pempha kalata yokutumiza kwina tsiku lomwelo.

Palibe mankhwala odontheza, opaka kapena akumwa amene angamate letina. Mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, shuga wosungunula, zonsezi sizifika kumbuyo kwa diso, ndipo zina zimawononga kutsogolo komwe kunali kwabwino. Magalasi atsopano a pamsika nawonso sachotsa mthunzi.

Pa chaka, letina amamatuka mwa munthu pafupifupi mmodzi pa anthu 10,000, ndiye si matenda a aliyense. Koma ena ali pafupi nawo kuposa anzawo. Oyamba ndi osaona patali, aja nambala ya magalasi awo imayamba ndi chizindikiro chochotsera, makamaka ikafika pa -6 kapena kupitirira. Diso lawo ndi lotalikirapo, letina wake ndi wokokeka ndi wopyapyala, ndipo madzi aja amamatuka msanga, ngakhale pa zaka 30 kapena 40. Ena ndi amene anachotsedwa ng'ala. Opaleshoni ya ng'ala ndi yabwino ndipo yabwezera kuona kwa agogo ambiri, koma pafupifupi mmodzi mwa 100 amadzakumana ndi vuto la letina m'zaka zotsatira, choncho gogo amene anachotsedwa ng'ala akanena za kung'anima, musamuyankhe kuti ndi ukalamba. Palinso amene anamenyedwa padiso ndi chibakera, mpira, mwala wa legeni kapena chitsekerero cha botolo. Kwa iwowa letina angamatuke patapita miyezi chimenyedwere, kutupa kutaiwalika kale. Amene m'banja mwawo zinachitikapo, ndi amene diso lina linamatukapo kale, nawonso akhale tcheru.

Si kuwala kulikonse kumene kumachokera ku letina. Odwala mutu waching'alang'ala amadziwa kuwala kwina: mizere yokhotakhota, yonyezimira, yoyamba pang'ono pafupi ndi pakati n'kumakula kulowera kumbali, kwa mphindi 20 kapena 30, kawirikawiri osapitirira ola, kenako n'kutheratu. Mutu umatsatira, ngakhale ena sawamva n'komwe. Kuwala kumeneku kumachokera mu ubongo, ndiye kumaoneka m'maso onse awiri. Njira yosiyanitsira ndi yapafupi: phimbani diso limodzi ndi chikhatho, kenako linalo. Ngati mizereyo ilipobe mbali yomweyo, diso lililonse limene mwatsegula, nkhani ili mu ubongo. Ngati timadontho kapena mthunzi zikusowa mukaphimba diso limodzi, vuto lili m'diso limenelo. Kuphimba kotereku kumathandizanso kupeza mthunzi womwe diso labwino limaubisa. Alipo anthu amene amadzazindikira mwangozi, akupukuta thukuta, kuti diso lina linada kalekale. Komabe munthu wamkulu amene waona mizere yotere koyamba m'moyo wake akapimidwe. Ndipo ngati kuona kwasokonekera limodzi ndi dzanzi la mkono, kupotoka kwa kamwa kapena kulephera kulankhula, kapena diso limodzi lada lonse kwa mphindi zingapo n'kuyeranso, zimenezo zingakhale zizindikiro za sitiroko, ndipo n'zothamangira nazo ola lomwelo.

Pali anthu atatu amene timadontho kapena kung'anima kwawo kumanena nkhani ina. Wodwala shuga kwa zaka zambiri akaona mwadzidzidzi utsi kapena timizere takuda, kawirikawiri ndi timitsempha tatsopano tosalimba tomwe taphulika m'diso. Amafunika leza ya mtundu wina kapena jakisoni wa m'diso, ndipo zofananazo zimachitikira ena odwala siko selo. Munthu amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chake chatsika kwambiri, makamaka CD4 ikafika pansi pa 50, timadontho tatsopano tingakhale chiyambi cha kachilombo ka CMV kamene kamadya letina popanda ululu. Auze a kuchipatala chake cha ma ARV msanga kuti amutumize kwa a maso. Wachitatu ndi mayi woyembekezera amene mimba yapitirira milungu 20, kapena amene wangobereka kumene. Iyeyu akamaona kuthwanima m'maso onse, pamodzi ndi mutu waukulu, kutupa nkhope ndi manja kapena kupweteka pansi pa nthiti, asapite kwa a maso. Apite kwa azamba nthawi yomweyo akayezedwe bipi ndi mkodzo, chifukwa kuthwanimako kungatsogolere kukomoka koika pangozi moyo wake ndi wa mwana.

Nanga amene wapimidwa bwinobwino n'kuuzidwa kuti sipanang'ambike? Apumule mtima, koma asataye tcheru. Madzi aja samatuka tsiku limodzi, ndipo kafukufuku wa 2009 uja anapeza kuti mwa anthu 100 otere, atatu kapena anayi amadzang'ambika letina m'milungu 6 yotsatira. N'chifukwa chake madokotala ambiri amapereka tsiku lobwereranso, makamaka kwa amene anali ndi magazi m'diso kapena osaona patali. Timadontho tikachuluka mwadzidzidzi, kung'anima kukawonjezeka, kapena mthunzi ukaoneka mbali ina iliyonse, tsiku lolembedwa m'buku lachipatala lisadikiridwe. Ndipo zomwe zachitika m'diso limodzi kawirikawiri zimadzachitikanso m'linzake pakapita miyezi kapena zaka zochepa. Likadzayamba kung'anima lachiwirilo, lifunika kudonthezedwa mankhwala ndi kupimidwa palokha, ngakhale loyamba lija linapezeka lopanda vuto.